Lipoti: momwe tinakonzera nkhani ya mayi amene anapeza nambala yakale mu dayale

Nkhani yaifupi imene ndikufotokoza pano inafika kwa ine ili ndi mawu pafupifupi 2,400. Mlembi wake ndi mtsikana amene analembapo ndakatulo zambiri koma nkhani zopeka zochepa, ndipo anandilola kulemba za ntchito imene tinagwira bola ndisamutchule dzina. Ntchito yanga ndi yokonza zolemba za anthu zisanasindikizidwe, ndipo ndasankha nkhani iyi chifukwa vuto lake limapezeka mu nkhani zambiri zimene munthu mmodzi ali yekha m'chipinda n'kumalimbana ndi maganizo.

Mmene inabwerera inali motere. Nambewe, mayi wa zaka za m'ma 40 wokhala ku Area 25 mu Lilongwe, akusesa m'chipinda n'kupeza dayale ya 2006 pansi pa sutikesi. Akuvundukula masamba, apeza nambala ya chibwenzi chake chakale. Kuchokera pamenepo, kwa masamba anayi athunthu, Nambewe wakhala pa bedi foni ili m'manja. Akukumbukira momwe anakumanirana, akudzifunsa ngati mwamunayo anakwatira, akudzifunsa ngati akumukumbukira. Pamapeto adina batani, foni iyamba kuitana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chichewa chake chinali chosalala, ndipo ziganizo zina zinali zokoma kwambiri. Koma nditafika tsamba lachitatu ndinaona kuti sindikusamala kaya Nambewe aimba kaya saimba. Wowerenga akafika pamenepa, vuto silikhala la ziganizo. Limakhala lakuti palibe chimene munthu wa mu nkhaniyo ataye, kaya apite uku kaya apite uko. Nambewe akanaimba, akanangocheza ndi munthu wakale. Akanapanda kuimba, akanabweza dayale mu sutikesi n'kukateleka nsima. Njira zonse ziwiri zinali zaulere.

Mzere umodzi umene unali ndi moyo

Pa tsamba loyamba, Nambewe asanafike pa nambala ya chibwenzi, mlembi anaika mndandanda wa zinthu zimene mayiyu akuona akamatembenuza masamba: mitengo ya mankhwala, mavesi a m'Baibulo, maina a anthu a m'chipereganyu. Pakati pa zimenezi panali mzere uwu: "Anaphiri a ku Kasungu, 4,000, ndidzabweza." Pansi pake panali nambala. Ndiye panali chiganizo chimodzi chokha: "Nambewe anatembenuza tsambalo mwachangu."

Ndinazunguliza chiganizo chimenechi ndi cholembera n'kumufunsa mlembi chifukwa chimene Nambewe anafulumirira. Anandiyankha mosaganizira n'komwe kuti, "Akonzi, ndalama imeneyo sanabweze." Ndinamufunsa kuti Anaphiriwo anali ndani, ndipo anafotokoza kwa nthawi yaitali zinthu zimene mu nkhani yake munalibe. Mwamuna wa Nambewe anagonekedwa ku chipatala cha Kamuzu Central mu 2006. Nambewe anali gadiyani wake, ndipo kukhitchini kumene magadiyani amaphikira anadziwana ndi mayi wina wa ku Kasungu amene amadikirira mwana wake. Amabwerekana mchere ndi nkhuni, amasungirana malo pa mafuwa. Mwamuna atamwalira, ndalama yonyamulira maliro kupita ku Dedza inaperewera, ndipo mayi uja anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka K4,000 ya zofuna za wodwala wake. Nambewe analemba nambala n'kulonjeza kubweza maliro akatha. Maliro anatha, katundu anagawidwa, moyo unavuta, ndipo mwezi uliwonse umene unadutsa unachititsa kuti kuimba kukhale kwamanyazi kuposa mwezi wapitawo.

Za chibwenzi chija mlembi amayankha ndi mawu amene aliyense angayankhe. Za Anaphiri amadziwa ngakhale mtundu wa chitenje. Ichi ndi chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri pa ntchito yanga: pamene mlembi akudziwa zambiri kuposa zimene walemba, nkhani yake yeniyeni ili pamenepo. Ndinamuuza maganizo anga, kuti chibwenzicho chichoke ndipo nambala ikhale ya Anaphiri. Sanavomere nthawi yomweyo, chifukwa ndime zimene amazikonda kwambiri zinali za chikondi chija. Anakayesa kulemba tsamba limodzi la njira yatsopanoyi, ndipo atabwera nalo anali atasankha kale yekha.

Nambalayo payokha

Apa ndi pamene tinathera nthawi yambiri, ndipo ndi pamene nkhaniyi inapezera msana.

M'zolemba zoyamba, nambala ya mu dayale ya 2006 inayamba ndi 0999 ndipo inali ndi manambala khumi. Izi sizikanatheka. Mu 2006 nambala za foni zam'manja ku Malawi zinali zazifupi, za manambala asanu ndi atatu kuwerengera ndi ziro wa kumayambiriro. Za Celtel zimayamba ndi 09, za TNM ndi 08. Zinatalikitsidwa mu 2009, pamene 09 inasanduka 0999 ndipo 08 inasanduka 0888. Kampani nayonso inasintha maina: Celtel inakhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Mlembi wathu anali mwana wamng'ono nthawi imeneyo, choncho sakanakumbukira, koma wowerenga wa zaka za Nambewe akanaona cholakwikacho pa mzere woyamba n'kusiya kuikhulupirira nkhani yonse.

Kukonza kwapafupi kukanakhala kungofupikitsa nambalayo n'kupitiriza. Koma taonani chimene kufupika kwake kukuchita. Nambala ya mu dayale siingaimbidwe mmene ilili. Munthu akaidina choncho siipita kulikonse. Kuti igwire ntchito, Nambewe ayenera kuikonza ndi manja ake, kuika ma 9 awiri pakati pa ziro ndi 9. Ndiye kuti mayi amene akudziuza kuti sakufuna kuimba watenga cholembera n'kulemba nambala yatsopano m'mphepete mwa tsamba. Sitikufunikanso chiganizo chonena kuti mtima wake wagawika. Dzanja lake lanena kale. Ndime imeneyi, imene ikutchula Chisomo, mwana wa Nambewe, mlembi anailemba motere:

"Anawerenga manambala aja ndi chala. Asanu ndi atatu. Anaseka pang'ono, poti nambala yotere inafa kalekale, ndipo wakufa saimbiridwa foni. Anatseka dayale. Atafika pakhomo anabwerera, natenga cholembera cha Chisomo pa tebulo, nalemba 99 pamwamba pa ziro ndi 9, tizilembo ting'onoting'ono, ngati akuopa kuti tsambalo limuona."

Ndime zitatu za kulingalira zinachoka chifukwa cha ndime imodzi iyi.

Chachiwiri chimene tinayenera kuyang'anizana nacho n'chakuti mayi wa mu 2024 sakakamizidwa kuimba kuti adziwe mwini nambala. Aliyense amene ali ndi foni amadziwa njira zozembera. Mukhoza kusunga nambalayo n'kuona ngati ili pa WhatsApp ndi chithunzi cha mwini wake. Mukhoza kudina *211#, kuyamba ngati mukutumiza ndalama pa Airtel Money, n'kuona dzina limene lituluke musanaike nambala yachinsinsi. Mlembi akanyalanyaza njira zimenezi, wowerenga amafunsa mumtima kuti, "Bwanji osangoona dzina?" ndipo funso limenelo limapha nkhani. Choncho tinagwirizana kuti Nambewe achite zimene munthu weniweni angachite, koma njirazo zisamupulumutse.

Pa WhatsApp nambalayo palibe. Pa Airtel Money patuluka dzina la mwamuna, la mfunda wa Banda. Ndimaikonda kwambiri mphindi imeneyi chifukwa dzinalo silikutseka khomo ndipo silikulitsegula. Nambewe amawadziwa mayi aja ndi mfunda wokha, Anaphiri, monga mmene anthu amadziwirana ku chipatala, pa maliro kapena pa chigayo. Dzina lawo la pa chiphaso sanalifunsepo. Mwana wa Anaphiri kawirikawiri angatenge mfunda wa bambo ake, choncho Banda ameneyu akhoza kukhala mnyamata uja amene anali pa bedi la chipatala, ngati anachira. Akhoza kukhala mwamuna wawo. Pamene boma linalamula mu 2018 kuti nambala zonse zilembetsedwe ndi chiphaso, amayi ambiri achikulire anapitiriza kugwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'dzina la mwana kapena m'bale. Komanso akhoza kukhala mlendo wotheratu, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka n'kuigulitsa kwa munthu wina. Zonse zitatu n'zotheka, ndipo Nambewe akuzidziwa zonse. Njira yokhayo yodziwira yatsala ndi kulankhula.

Dzinalo linabweretsanso chiyeso chimene m'zolemba zoyamba munalibe. Nambewe ali kale pakati pa kutumiza ndalama. Akhoza kungoika nambala yachinsinsi, ndalama n'kupita, iye n'kudziuza kuti wabweza, osamva mawu a munthu aliyense. Ndi njira ya mantha yovala chovala cha chilungamo. Tsopano mayiyu ali ndi njira zitatu m'malo mwa ziwiri, ndipo yachitatuyi ndi imene imasonyeza bwino kuti iye ndi munthu wotani.

Ndalama zingati, ndipo chifukwa chiyani lero

Pa za ndalama panali kachinthu kena kofunika kukonza. Mlembi analemba kuti Anaphiri anatulutsa mapepala anayi a K1,000. Pepala la K1,000 linayamba mu 2012. Mu 2006 lalikulu linali la K500, la nkhope ya John Chilembwe, ndiye K4,000 ndi mapepala asanu ndi atatu. Mlembi anasintha n'kupanga kuti ena akhale a K200 ndi K100, ofewa ndi kupindidwa, kuti wowerenga aone kuti mayiyo sanatape pa mulu koma anakokota zimene anali nazo.

Funso lalikulu linali lakuti ngongoleyo lero ndi ya ndalama zingati. Mu 2006 dola imodzi inali pafupifupi K140. Kwacha inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 dola inali itapitirira K1,700 ku mabanki. Tikawerengera motero, K4,000 ija ikufika pafupifupi K50,000. Masamu amenewa tinachita ife pa pepala lathu kuti tidziwe kukula kwa chinthu chimene tikulemba, koma mu nkhani sanalowemo. Nambewe sawerengera m'madola. Iye akudzifunsa kuti ndalama ija inagwira ntchito yanji, ndipo yankho n'lakuti inafikitsa mwamuna wake kwawo. Kubweza K4,000 yeniyeni, imene lero siikwana n'kugula chitenje chabwino, kungakhale kutukwana. Akudziwa zimenezi popanda wina kumuuza.

Chinatsala ndi chifukwa choti zonsezi zichitike lero osati mawa. Ngati Nambewe akhoza kuimba sabata yamawa popanda kusintha kanthu, wowerenga alibe chifukwa chokhalira naye pa bedi paja. Mlembi anapeza yekha yankho labwino. Mwana wa Nambewe, Chisomo, amene anali ndi zaka zisanu bambo ake akumwalira, ali ndi chinkhoswe mwezi ukubwerawu. Dayale yapezeka pofunafuna maina a achibale a ku Dedza oti aitanidwe. Mu foni ya Nambewe muli K60,000 imene wasonkhanitsa yogulira nsalu za anthu a kuchikazi, ndipo Chisomo akubwera madzulo kudzaitenga kuti mawa m'mawa akagule. Ndalama yokwanira kubweza ngongole ili m'manja mwake kwa masana amodzi okha, ndipo ndi ya mwana wake. Akaimba, nsalu zichepa ndipo ayenera kufotokozera mwanayo chinthu chimene wakhala akubisa. Akapanda kuimba, akakhala pa chinkhoswe akulandira ulemu wa mayi amene analera yekha mwana, uku akudziwa dzanja limene linamunyamula tsiku lovuta kuposa onse.

Ndinapempha kuti zakale zonse za ku chipatala zisapitirire mawu 350 ndipo zisabwere pamodzi. Zinagawidwa patatu, chigawo chilichonse n'kumangiriridwa ku chinthu chimene Nambewe akuchita panthawiyo. Akamaona dzina mu dayale, tikuona khitchini ya magadiyani. Akamaona ndalama zotsala mu foni, tikuona mfundo ya chitenje ikumasulidwa. Akamaona dzina la Banda, tikuona mnyamata wowonda pa bedi lakumapeto. Chikumbutso chikabwera popanda chochikoka, nkhani imaima. Chikabwera chifukwa cha chinthu chimene chili m'manja, nkhani imapitirirabe kuyenda. Ndinachotsanso mwambi wakuti mlandu suola, umene mlembi anaika m'kamwa mwa Nambewe. Mwambiwo ndi woona, koma umauza wowerenga chimene iye wamva kale m'mimba.

Pamene tinasiyana maganizo

Pa mathero sitinagwirizane msanga. Mathero akale, a foni yongoitana, ndinawakana. Alembi ambiri amawakonda poganiza kuti akusiyira wowerenga ufulu, koma kawirikawiri amakhala akuthawa ndime yovuta kulemba. Mu nkhani iyi chovuta si kudina batani. Chovuta ndi chiganizo choyamba chimene Nambewe anene munthu akayankha, chifukwa ayenera kudzitchula kuti ndi ndani, ndipo njira yokhayo yodzitchulira ndi kutchula ngongoleyo.

Mlembi anabwera ndi mathero ena: mnyamata ayankha, anena kuti ndi mwana wa Anaphiri, amayi ake anamwalira chaka chatha ndipo mpaka imfa yawo amatchula Nambewe mwachikondi. Ndinamuuza kuti mathero amenewa akumupatsa Nambewe zinthu ziwiri zaulere, chilango ndi chikhululukiro, zonse zochokera kunja. Wowerenga alira, koma misozi yake ikhala ya imfa ya Anaphiri, osati ya chimene Nambewe wachita. Iye anati m'moyo zimachitikadi choncho, anthu amachedwa mpaka mwini kumwalira. Ananena zoona, ndipo pamenepo sindinamutsutse. Ndinangomufunsa funso limene nkhani yake inafunsa pa tsamba loyamba. Silinali lakuti Anaphiri ali moyo kapena ayi. Linali lakuti Nambewe adzatha kutsegula pakamwa kapena ayi.

Anasankha njira yapakati, ndipo ndikuona kuti inaposa zonse zimene ine ndinaganiza. Nayi ndime yomaliza mmene ilili tsopano:

"Halo?"

Anali mawu a mwamuna wachinyamata, kumbuyo kukumveka chigayo.

"Halo, ndikulankhula ndi ndani?"

"Pepani achimwene, musadule. Ine ndine Nambewe, ndikuimba kuchokera ku Lilongwe. Ndikufuna mayi ena a ku Kasungu, Anaphiri. Anadwazikapo mwana ku Central mu 2006."

"Inuyo ndinu achibale awo?"

"Ayi." Anayang'ana pakhomo. Chisomo anali akutsegula geti. "Ndili nawo ngongole. Ndi ya kalekale, ndipo ndachedwa nayo kwambiri."

Chigayo chinapitiriza kulira. Kenako mnyamata uja anati, "Tadikirani kaye mayi, ndituluke panja kuno kuli phokoso."

Mnyamatayo sananene kuti mwalakwitsa nambala, ndipo funso lake lakuti "ndinu achibale awo" likusonyeza kuti dzinalo akulidziwa. Sitikuuzidwa ngati Anaphiri ali moyo. Koma Nambewe wanena mawu akuti ngongole mokweza, mwana wake akulowa pa geti, ndipo sangathenso kuwameza. Funso la nkhani layankhidwa ngakhale kuti mafunso ena atsala.

Ulemu wa m'mawuwa tinauyang'ananso bwino. Poyamba Nambewe amati "mwanangu", koma sakudziwa amene akulankhula naye ndipo ndi iye wopempha, choncho "achimwene" ndi "musadule" zikumuyenera. Mnyamatayo akuyamba mouma, monga munthu amene wazolowera mafoni a anthu achinyengo onena kuti atumiza ndalama molakwika, n'kudzafika pa "mayi" pokhapokha atamva za ngongole. Kusintha kwa mtima wake kuli m'liwu limodzi limenelo.

Nkhaniyi inatha ili ndi mawu pafupifupi 1,750. Pali chofooka chimodzi chimene chatsala, ndipo ndinamuuza mlembi poyera. Chisomo akadali chida chabe. Amatchulidwa, cholembera chake chimagwira ntchito, amafika pa geti pa nthawi yake, koma sitikumumva akulankhula, ndiye mantha a Nambewe oti mwanayo adziwe sakulemera mmene akanayenera. Ndinapereka maganizo oti pakhale kukambirana kwakufupi pa foni chapakati pa nkhani, Chisomo akufunsa ngati ndalama ya nsalu yakwana ndipo amayi ake akuyankha kuti yakwana, dayale ili pa miyendo. Mlembi akuopa kuti foni ina pakatipo ichepetsa mphamvu ya foni yomaliza, ndipo nkhawa yakeyo ili ndi maziko. Panopa akuyesa kuti ukhale uthenga wolemba wa mizere iwiri, wofika pamene Nambewe ali pakati pa kuona dzina la Banda, kuti uthengawo uphimbe dzinalo ndipo iye ayambirenso kudina *211# kachiwiri.